Ndaoda nsapato Lolemba, lero akuti katundu waimitsidwa pa Balaka

Mai a Tadala: Odi pagulu pano. Ndithandizeni maganizo ndisanachite zopusa. Lolemba ndinaoda nsapato kwa mayi wina wa ku Lilongwe amene amagulitsa pa Facebook. Nsapato K38,000, yotumizira K5,000, zonse ndinalipira pa Airtel Money, ndipo anati katundu anyamuka Lachitatu, ndikatengere ku ofesi ya otumiza katundu kuno ku Zomba. Ndiye m'mawa uno kwabwera meseji kuchokera pa nambala ya 088 imene sindiidziwa. Ikuti: "Mayi, katundu wanu wa nsapato zakuda saizi 6 wafika pa Balaka koma waimitsidwa chifukwa wapyola sikelo. Tumizani K6,500 pa nambala ino isanakwane 12 koloko, apo ayi abwerera ku Lilongwe." Dzina langa analemba bwinobwino, saizi ndi yomweyo, mtundu ndi womwewo. Nditumize? Panopa ndi 10 koloko.

Madalitso: Musatumize asisi. Amenewo ndi aja a "ndalama ija mutumize pa nambala iyi". Amangotumiza kwa aliyense, wina akakodwa ndiye wawo.

Mai a Tadala: Aja ndimawadziwa, achimwene, ndimangofufuta. Koma aja salemba dzina, salemba saizi ya phazi langa. Ichi ndi chimene chandiimika mutu.

Jere wa ku Limbe: Mai a Tadala, choyamba ikani foniyo pansi, 12 kolokoyo aiika dala kuti musapeze mpata woganiza. Kenako ndiyankheni funso limodzi. Pooda muja, nambala yanu munaipereka pati? Ku inibokisi kapena pa komenti?

Mai a Tadala: Aaa. Pa komenti. Mayiwo analemba kuti ofuna asiye nambala awaimbira. Ndinalemba kuti "zakudazo saizi 6, ndili ku Zomba" n'kuikapo nambala.

Jere wa ku Limbe: Basi, meseji ija munailemba ndinu, iwo angoikonza. Dzina lili pamwamba pa komenti yanu, saizi ndi mtundu munanena nokha, Zomba munanena nokha. Munthu aliyense amadziwa kuti wochoka ku Lilongwe kupita ku Zomba amadutsa pa Balaka, ndiye kutchula Balaka si umboni woti katundu wamuona. Pali anthu ntchito yawo ndi imeneyi: amayendera mapeji a ogulitsa, kukopera manambala a pa makomenti, kudikira masiku awiri kuti katundu akhale ali m'njira, n'kutumiza. Mukaona meseji ikudziwa zambiri za inu, musafunse kuti "wadziwa bwanji". Funsani kuti "pa zimene akudziwazi, chilipo chimene munthu wongodutsa sangachione?" Pa meseji yanuyo palibe nambala ya lisiti, palibe dzina la kampani imene yanyamula katunduyo. Zimenezo simunazilembe pa komenti, n'chifukwa chake iyenso alibe.

Anaphiri Zovala: Ine ndimagulitsa, ndiye ndiyankhe ngati wogulitsa. Katundu amayezedwa pa ofesi pamene tikumusiya, ndipo ndalama imalipiridwa pomwepo asanakwere galimoto. Nsapato imodzi ingalemere panjira ngati yamwa madzi? Komanso vuto likakhalapo amaimbira ine wotumiza, chifukwa lisiti ili ndi ine. Mai a Tadala, aimbireni mayi munagulako aja pa nambala imene munalipirapo, akutumizireni chithunzi cha lisiti. Pa lisitipo pamakhala nambala ya ofesi. Imbani imeneyo, osati ya pa meseji.

Bambo Gondwe: Za pa intaneti izi ndinasiya kalekale. Ine ndinalipira K90,000 ya batire ya sola, mpaka lero. Munthuyo anandibuloka tsiku lomwelo. Amenewa onse ndi amodzi, ogulitsawo ndi amene akutumizirani mesejiyo.

Anaphiri Zovala: Pepani ndi za batirezo bambo, koma musatiike tonse m'thumba limodzi. Yanuyo ndi nkhani ina, wogulitsayo analibe katundu n'komwe. Apa katundu akuoneka kuti alipo, wakuba ndi wachitatu amene walowerera pakati.

Bambo Gondwe: Mukudziwa bwanji kuti ndi wachitatu?

Jere wa ku Limbe: Sitikudziwa, bambo Gondwe, ndipo pamenepo simunalakwe. Nambala ikhoza kutuluka pa komenti, ikhoza kutuluka kwa wogulitsa, ikhozanso kutuluka pa katoni yomweyo, poti pa sitika amalemba dzina, foni ndi kumene akupita, ndipo katoniyo imadutsa m'manja ambiri. Kungoti pa nkhani ya Mai a Tadala komenti ija payokha ikukwanira kufotokoza chilichonse cha mu mesejimo.

Mai a Tadala: Ndawaimbira mayi aja. Akuti katundu sananyamuke n'komwe, anachedwa kukasiya, anyamuka madzulo ano. Ndiye amene "waimitsidwa pa Balaka" ali pa mpando m'nyumba mwawo ku Area 25! Akutinso ndine wachitatu kuwaimbira lero. Komenti ija ndafufuta.

Madalitso: Mwaona? Ine ndimagwiritsa Truecaller, nambala yachilendo ikangoimba imandionetsa dzina. Ikani imeneyo asisi, simudzavutikanso.

Thoko Ejenti: Truecaller imathandiza pang'ono koma musaikhulupirire choncho. Dzina limene imaonetsa si la pa chiphaso, ndi limene anthu anasunga m'mafoni mwawo kapena limene mwini nambala analemba yekha. Wakuba akhoza kudzilemba dzina la kampani yonyamula katundu, inu n'kuona ngati ndi a ku ofesi. Ndipo nambala yatsopano imene sinadandaulidwepo imaoneka yoyera. Ine njira yanga ndi ina. Yambani ngati mukutumiza ndalama, *211# pa Airtel Money kapena *444# pa Mpamba, ikani nambalayo, muone dzina limene likutuluka musanatsimikize, kenako musiye osaika pini. Kampani yeniyeni silandira ndalama pa dzina la munthu amene simunamumvepo.

Madalitso: Ndiye dzina likatuluka si wagwidwa basi? Paja kuyambira 2018 simu iliyonse imalembetsedwa ndi chiphaso.

Thoko Ejenti: Akanakhala kuti amagwidwa choncho bwenzi atatha. Ambiri amagwiritsa simu zolembetsedwa pa ziphaso za anthu ena, kaya chotola, kaya cha agogo a kumudzi amene sadziwa kanthu. Dzinalo likuthandizani kuona kuti si kampani, koma silikuuzani kuti wakuba ndani. Ine pa kauntala pano ndimaona zambiri. Mwezi watha kunabwera mnyamata ali pa foni, wina akumuuza manambala oti adine, akuti akumubwezera ndalama ya katundu amene sanafike. Ndinamva akuti "tsopano ikani pini yanu kuti ndalama ilowe". Ndinamulanda foni. Pini ndi yotulutsira ndalama, polandira simuika kanthu, imangolowa yokha. Anandikalipira kaye, ataona pa sikirini kuti amati atumize K70,000 ndi pamene anakhala chete.

Mai a Tadala: Abale, andiimbira! Yemwe uja. Mawu aulemu zedi, kumbuyo kukumveka ngati pa depoti. Ndamuuza kuti ndilibe ndalama. Akuti palibe vuto mayi, tikukhululukirani, koma tikutumizirani khodi ya manambala 6 yotsimikizira kuti katundu ndi wanu, mutiwerengere. Ndipo khodiyo yabweradi.

Jere wa ku Limbe: Musawerenge! Tayang'anani mesejiyo, yachokera kwa ndani ndipo ikuti khodiyo ndi ya chiyani?

Mai a Tadala: Yalembedwa WhatsApp. Ikuti ndisapatse munthu wina.

Jere wa ku Limbe: Ndiye waona kuti K6,500 yakanika, akufuna WhatsApp yanu. Waika nambala yanu pa foni yake ngati akulembetsa kumene, WhatsApp yatumiza khodi kwa mwini nambala, amene ndinu. Mukangomuwerengera, kwanuko imatseka, kwake imatseguka, ndipo pofika madzulo magulu anu onse, la kumpingo, la banki m'khonde, la makolo a kusukulu, alandira uthenga woti Mai a Tadala ali kuchipatala akufuna K20,000 mwachangu. Anthu amatumiza chifukwa chithunzi ndi chanu, nambala ndi yanu. Ku shopu kwanga amabwera anthu otere akuganiza kuti foni yawonongeka, pamene foni ili bwinobwino.

Pangani izi panopa, sizitenga mphindi ziwiri. Mu WhatsApp pitani pa Settings, kenako Account, kenako Two-step verification, muike pini yanu ya manambala 6 imene si tsiku lobadwa la Tadala. Mukatero, ngakhale tsiku lina mutapusitsidwa n'kuwerenga khodi, adzafunsidwanso pini imeneyo. Muikenso imelo pamenepo, chifukwa anthu amaiwala piniyi.

Yohane wa Kabaza: Koma pamenepa musawasokoneze anthu, bwana Jere. Ine ndimanyamula katundu wa mashopu angapo mu Lilongwe muno, ndipo ena amatumizadi khodi kwa kasitomala, ine ndikafika ndimaifunsa kuti abwana adziwe kuti ndapereka. Mukawauza kuti khodi iliyonse ndi ya akuba, mawa andikaniza pa geti.

Jere wa ku Limbe: Zoona Yohane, ndinalankhula mothamanga. Kusiyana kwake n'koti iwe umafunsa uli pamaso pa munthu, katundu ali m'manja, ndipo meseji ya khodiyo imatchula shopu kapena oda. Uyu akufunsa pa foni, katundu kulibe, ndipo mesejiyo ikunena yokha kuti ndi ya WhatsApp. Anthu amangowerenga manambala osawerenga mawu ozungulira.

Yohane wa Kabaza: Ndiye poti tayamba, ndinenepo za keyala, chifukwa anthu amadzigulitsa okha. Kwathu kuno nyumba zambiri zilibe nambala, ndiye munthu amalemba kalata yonse: "Mukafika pa chigayo mukhote kumanja, nyumba yachitatu ya geti yobiriwira, koma masana sindikhalapo ndimaweruka 5 koloko, kulibe munthu, mungoponya pa mpanda, galu kulibe." Uthenga umenewo wogulitsa amangouponya pa gulu lathu la akabaza kuti amene ali pafupi atenge. Tilipo oposa 40 pa gulupo, ena sindiwadziwa n'komwe nkhope. Mwauza anthu 40 nyumba yanu, nthawi imene simukhalapo, ndi zoti galu kulibe, chifukwa cha diresi.

Anaphiri Zovala: Apa ndavomera mlandu, ndimachita zimenezo. Koma Yohane, ndipange bwanji? Kasitomala akufuna katundu pakhomo, iwe ukufuna njira.

Yohane wa Kabaza: Pa gulu muziika dera lokha, anaphiri, monga "Area 49, Gulliver". Amene wavomera ulendo ndiye mum'patse nambala payekha. Ndipo makasitomala anzeru sandifikitsa n'komwe pakhomo. Amati tikumane pa filing'i siteshoni, pa geti ya sukulu, pa sitolo yodziwika, kapena ku ntchito kwawo. Kwa ine n'kwabwinonso, sinditha mafuta ndikusochera m'tinjira. Pakhomo mpofunika ngati ndi firiji kapena matiresi, osati nsapato.

Madalitso: Ine ndimangotumiza lokeshoni pa WhatsApp, sindilemba zambiri.

Yohane wa Kabaza: Lokeshoni ya pakhomo imakhala mu foni mwanga mpaka kalekale achimwene, ndipo ndikhoza kuitumiza kwa wina. Ndiye pali ena amadina Share live location n'kusankha maola 8, ine ndapereka katundu 10 koloko koma mpaka madzulo ndikuona akupita kumsika, akupita kokatenga mwana. Ngati mukufuna imeneyo sankhani mphindi 15. Koma bwino muyende kaye mufike pamsewu, mutumize muli pamenepo.

Linda: Ndalowa mochedwa koma nkhaniyi yandikhudza. Yanga inali ya kunja. Ndinaoda zotchingira foni ndi mawotchi awiri ku China, ndinalipira ndi khadi ya ku banki. Patatha milungu itatu kunabwera meseji ya Chingerezi yoti katundu walephera kuperekedwa chifukwa keyala ndi yosakwanira, ndidine linki ndikonze. Ndipo keyala yanga inalidi yosakwanira, nanga ndikanalemba chiyani, "kuseri kwa chigayo"? Ndinadina. Peji inali yokongola, ya mitundu ya positi, ikufuna ndalama yochepa kwambiri yotumiziranso, yosakwana ndi ya bandulo ya tsiku. Ndinaika manambala 16 a khadi, tsiku lothera, ndi atatu a kumbuyo aja. Chinandipulumutsa ndi khodi ya ku banki. Itabwera ndinawerenga, ndalama imene inalembedwapo inali ya madola, yoposa mtengo wa katundu yense. Ndinaimbira ku banki pa nambala ya kumbuyo kwa khadi, anaitseka, ndinakatenga ina. Manyazi ake.

Jere wa ku Limbe: Manyazi ayi asisi, imeneyo yagwetsa anthu ophunzira kwambiri. Ndalama yochepayo ndi nyambo chabe, chimene akufuna ndi khadi. Ndipo ya mtundu umenewu nthawi zambiri sadziwa n'komwe kuti mwaoda, amatumiza kwa anthu miyandamiyanda podziwa kuti ena mwa iwo akudikira katundu. Apa ndi pamene mawu a Madalitso aja akugwira. Linki mukadali nayo?

Linda: Ndinafufuta, koma inkayamba ndi mawu oti post ndi mw, n'chifukwa chake ndinakhulupirira.

Jere wa ku Limbe: Poyambira si pofunika. Ndipeke chitsanzo:

```
https://post.mw.track-parcel.example/pay
```

Pezani kamzere kopendama koyamba pambuyo pa dzinalo, apa ndi kamene kali patsogolo pa `pay`. Kuchokera pamenepo bwererani m'mbuyo mawu awiri. Mupeza `track-parcel.example`, ameneyo ndiye mwini peji. Zoti `post.mw` zili kumanzerezo aliyense akhoza kulemba chimene wafuna, ngati mmene munthu angalembere dzina la banki pa chitseko cha nyumba yake. Maadiresi ena a kuno amathera `.co.mw` kapena `.gov.mw`, pamenepo mubwerere mawu atatu. Kaloko kaja kamene kamaoneka pamwamba musakadalire, kamangotanthauza kuti zimene mukulemba sizikuonedwa panjira, koma zikupitabe kwa wakubayo. Ine ndikaoda kunja sindidina linki ya pa meseji ngakhale ioneke bwanji. Ndimatsegula apu imene ndinagulirapo, nambala yolondolera katundu ili momwemo. Ngati muli vuto lionekera mmenemo. Ndipo ngati pali msonkho, ndi wa MRA ndipo umakhala ndi lisiti yake, sulipiridwa pa nambala ya munthu.

Madalitso: Njira yachidule ndi kuona wotumiza. Ikabwera ndi dzina la kampani pamwamba ndi yeniyeni, ikabwera ndi 099 kapena 088 ndi yabodza.

Thoko Ejenti: Theka lachiwirilo ndikugwirizana nalo, meseji ya ndalama yochokera pa nambala wamba ndi yabodza basi. Koma theka loyambalo ayi. Dzina la pamwamba nalonso anthu amatha kulipeka. Ine munthu akandionetsa meseji yoti ndalama yalowa, sinditsutsana naye, ndimaona balansi. Anaphiri, inunso ogulitsa muzitero musanatulutse katundu, sikirinishoti si ndalama.

Bambo Gondwe: Nanga boma likutani? Anthu akuberedwa masana dzuwa likuswa mtengo.

Jere wa ku Limbe: Malamulo alipo bambo. Lilipo la 2016 la zochitika pa makina a intaneti, ndipo mu 2024 kunabwera loteteza zinsinsi za anthu, limene oyang'anira ake ndi a MACRA. Mfundo yake ndi yoti amene watenga nambala yanu pa chifukwa china asamaigwiritse kapena kuigawa pa zina. Koma kuti lamulo lifike pa gulu la akabaza 40 la Yohane, ndi ulendo. Mai a Tadala, jambulani mesejiyo nambala ikuoneka, mukanene ku kampani ya foni imene nambalayo ili, angathe kuitseka. Amene watumiza kale ndalama aimbe nthawi yomweyo ndalamayo isanatapidwe, kenako ku polisi. Mawa lake nthawi zambiri imakhala itatuluka kale.

Linda: Ine chichitikireni zija ndinagula simu yachiwiri ya maoda okhaokha. Ilibe WhatsApp yanga yeniyeni, siyolumikizidwa ku banki. Meseji ya banki ikabwera pa imeneyo ndimadziwiratu kuti ndi bodza.

Anaphiri Zovala: Simu zachiwirizo ndi zimene zimatipweteka ife. Katundu wafika, tikuimba, foni ili mu dirowa yozima. Masiku atatu katoni ili pa ofesi, kenako kasitomala akutukwana kuti ndife akuba. Komanso polipira mumalipira ndi nambala yeniyeni ija, dzina lanu lonse limatuluka kwa ine. Ndiye mwabisa chiyani?

Linda: Kwa inu sindinabise, anaphiri, ndipo sindikufuna kubisa. Ndabisa kwa amene awerenge pa katoni. Foni yanga ndi ya simu ziwiri, zonse zimakhala zoyaka.

Thoko Ejenti: Ikakhala nthawi yaitali osagwira ntchito amaitseka n'kudzapatsa wina, ndiye muziiponyera ka mayunitsi. Ine ndimaona ngati n'chintchito, koma aliyense ndi mtima wake.

Mai a Tadala: Ndabwera ndi lipoti. Nsapato ndatenga lero Lachisanu, sindinalipire kalikonse, anangofuna chiphaso ndi kusayina m'kaundula. Zikukwana bwino. Koma a Jere, kaundulayo! Tsamba lonse mayina ndi manambala a anthu, lili pa kauntala aliyense akuwerenga podikira. Ndipo pa katoni mayi aja analemba ndi maka dzina langa, nambala, mpaka "pafupi ndi mjigo" zimene ndinawauza tsiku loyamba ndisanadziwe kuti ndikatengera ku ofesi. Ndiye kaya inali komenti, kaya chiyani.

Jere wa ku Limbe: Meseji inabwera katoni isanachoke m'nyumba mwa wogulitsa, ndiye ulendo uno kaundula ndi katoni tiwachotse. Ine ndikadali pa komenti.

Bambo Gondwe: Kapena wogulitsayo. Kapena mwana wake amene amagwira foni.

Anaphiri Zovala: Bambo Gondwe simutopa.

Yohane wa Kabaza: Katoniyo musataye kudzala ili choncho mayi, ndipo musapatse ana akaseweretse panja. Dulani pamene palembedwapo muponye pa mbaula. Kupaka maka pamwamba sikuthandiza, ukayang'anitsa padzuwa zimawerengeka.

Mai a Tadala: Mwachedwa achimwene, Tadala wapanga kale galimoto, nambala yanga ndiye nambala puleti. Ndikumudikira agone ndikadule. Uja wa pa Balaka waimbanso kawiri, ndamubuloka.

Madalitso: Nambala yake ikuthera 17? Chifukwa ine wangonditumizira kuti mpunga wanga wa Kilombero waimitsidwa pa Jenda, ndipo mpunga ndinaodadi Lachiwiri.

Mai a Tadala: Ayi, yanga ikuthera 40. Munaoda pa komenti?

Madalitso: Pa gulu la WhatsApp la anthu 300. Ndikuimbira kaye wa mpungayo.